Mwendo ukatupira m'kati: kompatimenti sindiromu ndi opaleshoni yake

Kompatimenti sindiromu ndi vuto limene limadza minofu ikatupa ili m'malo otsekeka, pulesha ya m'katimo n'kukwera mpaka magazi kulephera kudutsa m'timitsempha tating'ono todyetsa minofuyo. Vutoli limatha kugwira mkono, ntchafu, phazi ngakhale thako, koma kumene limapezeka kwambiri ndi pakati pa bondo ndi kakolo, makamaka fupa la msongolo likathyoka. Fupa lothyoka lingathe kudikira masiku angapo lisanakonzedwe. Mnofu wosowa magazi sudikira: pakangopita maola ochepa umafa, ndipo ukafa suphukanso.

Aliyense amene anasendapo mbuzi amadziwa kachikopa koyera, kopyapyala koma kolimba, kamene kamakuta nyama ya kumwendo. Munthunso ali nako, ndipo madokotala amakatchula kuti fasiya. Fasiyayu pamodzi ndi mafupa awiri a mwendo, la msongolo ndi lina lowonda la kunja lotchedwa fibyula, amagawa minofu ya kumunsi kwa bondo m'zipinda zinayi. Chipinda chilichonse chili ndi minofu yake komanso mnyewa wake. Pano mawu oti mnyewa akutanthauza mtsempha wa mauthenga, umene umachititsa kuti khungu limve kukhudzidwa ndiponso kuti mnofu ugwedezeke.

Chipinda cha kutsogolo chili pambali pa msongolo, cha kunja, ndipo minofu yake ndi imene imadzutsa phazi ndi zala. Mnyewa wodutsamo umakathera pakhungu la pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri. Chipinda cha m'mbali chimatsamira fibyula ndipo chimapindira phazi kunja. Mnyewa wake umamvetsa pamwamba pa phazi. Kumbuyo kuli zipinda ziwiri zosanjikizana. Cha pamwamba ndi cha katumba amene amaoneka ndi maso. Pansi pake, momatirira ku mafupa, pali chipinda chakuya cha minofu yopinda zala, ndipo mnyewa wake umamvetsa kupansi kwa phazi. Chipinda cha kutsogolo ndicho chimayamba kugwidwa kawirikawiri. Chakuya cha kumbuyo ndicho chimaiwalika, chifukwa dzanja silichifika pochipapasa.

Mmene magazi amatsekekera

Pulesha ya m'zipindazi amaiyeza ndi muyezo womwewo wa bipi, mamilimita a mekyule, umene pamakina amaulemba kuti mmHg. Munthu akakhala bwinobwino, pulesha ya m'chipinda cha mnofu siipitirira 10. Fupa likathyoka, magazi amakhetsekera m'chipindamo, minofu yophwanyika imatupa, koma fasiya satanuka. Ali ngati thumba la feteleza losokedwa kukamwa: zoikamo zikachuluka thumbalo silikula, limangolimba.

Pulesha ikayamba kukwera, yoyamba kufinyika ndi mitsempha yobweza magazi kumtima, pakuti ndi yofewa ndipo magazi ake amayenda mopanda mphamvu. Magazi amapitiriza kulowa m'chipindamo koma potulukira pachepa. Timitsempha tating'ono timadzaza, kuyenda kwa magazi m'kati mwake kumachepa, ndipo mnofu umayamba kusowa okosijeni. Apa ndi pamene vutoli limayamba kudzikulitsa lokha. Timitsempha tosowa okosijeni timayamba kudontha, madzi a m'magazi n'kutayikira m'minofu. Madziwo amawonjezera kutupa, kutupako kumakweza pulesha, puleshayo n'kufinyanso mitsempha ina.

Mitsempha ikuluikulu yobweretsa magazi kuchokera kumtima ili ndi nkhani ina. M'kati mwake magazi amakankha ndi mphamvu ya 120 kapena kuyandikira pamenepo, pomwe pulesha ya m'chipinda yokwana 40 kapena 50 ndi yokwanira kale kupha mnofu. Choncho mtsempha waukulu umadutsa m'chipinda chimene chikufa, n'kukafikitsa magazi kuphazi bwinobwino. Phazi limakhala lofunda, mtsempha wa pamwamba pake ukugunda, pamene minofu ya pamsongolo ikutha. Mfundo imeneyi ndi imene yatayitsa miyendo yambiri, chifukwa woyeza akamva kugundako mtima wake umakhala pansi.

Minyewa ndi imene imayamba kudandaula, ndipo dzanzi limatha kumveka pasanathe ola limodzi magazi atachepa. Mnofu umapirira pang'ono. M'maola anayi oyambirira ungathe kuchira wonse ngati wamasulidwa, pofika maola asanu ndi limodzi mbali ina imakhala itawonongekeratu, ndipo akakwana asanu ndi atatu wambiri umakhala utafa. Vuto ndi lakuti palibe amene amaona nthawi imene kuwerengaku kunayambira. Sikuyamba pa ola la ngozi, kumayamba pamene pulesha yafika potsekereza magazi, ndipo zimenezo zingachitike usiku womwewo, mawa lake, kapenanso mkuja.

Kuthyoka kwa msongolo ndiko kumatsogolera pa zoyambitsa. Kafukufuku amene Margaret McQueen ndi anzake anafalitsa ku Edinburgh m'chaka cha 2000, wa odwala 164, anapeza kuti oposa gawo limodzi mwa magawo atatu anali othyoka fupa limeneli, ndipo ambiri anali amuna achinyamata. Mnyamata amakhala ndi minofu yodzaza kale chipinda chake, motero malo otupira amachepa. Ngozi za njinga zamoto ndi kuponderezana pa mpira zimabweretsa odwala a mtundu womwewu. Fupa lothyoka mpaka kuboola khungu siliteteza munthu ku vutoli, chifukwa chilonda chimatsegula malo ochepa a chipinda chimodzi, zinazo zili chitsekere. Palinso ena amene fupa lawo silinathyoke n'komwe: wogweredwa khoma, wopsa mwendo wonse mozungulira, womwa mankhwala osungunula magazi, woledzera amene wagonera mwendo usiku wonse, ndi amene mtsempha wake waukulu unatsekeka kenaka n'kukonzedwa, magazi n'kubwerera m'minofu imene inali itafooka kale. Chikhakha kapena bandeji yothina imabweretsa vuto lomwelo kuchokera kunja.

Ululu ndiwo umalankhula poyamba

Chizindikiro choyamba ndi ululu wosafanana ndi kuvulalako. Fupa lothyoka likagwirizizidwa ndi chikhakha, wodwala n'kulandira mankhwala, ululu umayenera kutsika. Ukamakwera, wodwala akamapempha jakisoni wina nthawi yake isanakwane, akamanena kuti mwendo ukuphulika kapena ukuwotcha m'kati, pamenepo pali nkhani. M'mawodi odzaza, munthu wotere amatengedwa ngati wamantha kapena wovuta, ndipo amangomuwonjezera mankhwala. Mankhwala opha ululu ndi oyenera, koma kuchuluka kwa mankhwala amene wodwala akufuna n'chizindikiro pachokha, ndipo kuyenera kulembedwa ndi kuwerengedwa.

Chachiwiri ndi ululu wobwera minofu ya chipinda chogwidwacho ikakokedwa. Wodwala amauzidwa kuti alefule phazi, woyeza n'kugwira chala chachikulu ndi kuchipindira pansi pang'onopang'ono. Kutero kumakoka minofu ya chipinda cha kutsogolo, ndipo ngati ikusowa magazi wodwala amakuwa, akuloza pamsongolo osati pachala. Kupindira zala m'mwamba kumayesa chipinda chakuya cha kumbuyo. Kuyeza kumeneku sikulira chipangizo chilichonse, koma kumafuna munthu wodziwa kusiyanitsa ululu wa fupa logwedezeka ndi wa mnofu wokokedwa, n'chifukwa chake mwendo umagwiridwa kuti usasunthe, chala chokha ndicho chiyende.

Mwendowo umalimba gwa, khungu n'kumanyezimira. Komabe dzanja limanama: madokotala odziwa ntchito amalephera kawirikawiri kuzindikira pulesha pongopapasa, ndipo chipinda chakuya chingakhale chitafufuma katumba ali wofewa. Kenaka pamabwera dzanzi, ndipo malo ake amaulula chipinda chimene chili pamavuto. Dzanzi la pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri limaloza kutsogolo, la kupansi kwa phazi limaloza chipinda chakuya.

Kulephera kudzutsa phazi, kuzizira, kutuwa ndi kusowa kwa kugunda kwa mtsempha ndi zizindikiro za kumapeto. Mabuku akale ankazindandalika pamodzi ndi ululu ngati kuti zonse n'zofanana, ndipo zimenezi zasokoneza ophunzira ambiri. Wodikira kuti mtsempha usiye kugunda amapeza mnofu utafa kale. Choopsanso china ndi ululu umene watha wokha patapita maola ambiri wodwala akubuula: nthawi zina kumakhala kuti minyewa yafa, osati kuti mwendo wapeza bwino.

Mwana wamng'ono sanena kuti akumva dzanzi. Mwa iye amayang'ana kusakhazikika, mantha owonjezeka ndi kufuna mankhwala pafupipafupi. Wokomoka, woledzera, wovulala msana ndiponso wobayidwa jakisoni wochititsa dzanzi mwendo wonse sangadandaule n'komwe, ndipo amenewa ndiwo amafunika kuyezedwa ndi chipangizo. Wodikirira wodwala, amene amakhala pambali pa bedi usiku wonse, nthawi zambiri ndiye woyamba kuona kuti m'bale wake wasintha, ndipo mawu ake oti ululu ukunka nukula ayenera kumvedwa.

Pakangokhala chikayiko, zomanga zonse zimadulidwa mpaka khungu lioneke kuyambira pabondo kufika kuphazi. Kung'amba chikhakha chokha n'kusiya thonje ndi bandeji ya m'kati sikukwanira, chifukwa thonje lonyowa magazi likauma limathina lokha. Mwendo umaikidwa molingana ndi mtima. Anthu ambiri amadziwa kuti chotupa amachikweza pamapilo, koma apa kukweza kumapweteketsa: masentimita 25 aliwonse pamwamba pa mtima amachotsa pafupifupi 20 pa mphamvu yokankhira magazi m'mwendomo. Wodwala amapatsidwa okosijeni, ndipo ngati bipi yatsika amamuika diripi kapena magazi. Akapanda kusintha pakatha theka la ola, nkhani imakhala ya ku fiyeta.

Kuyeza pulesha

Wodwala amene ali maso, zizindikiro zake zili poyera, safunika kuyezedwa ndi singano; kufunafuna chipangizo kungangodya nthawi. Kuyeza kumathandiza pamene zizindikiro sizikumveka bwino kapena wodwala sangalankhule.

Njira imene Thomas Whitesides ndi anzake analongosola mu 1975 imagwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse: sirinji ya mamililita 20, kampopi ka njira zitatu, machubu awiri a diripi, singano, madzi a mchere a m'diripi ndi choyezera bipi cha mekyule. Chubu chimodzi chimachoka pakampopi kupita ku choyezera, china chimapita ku singano. Chubu cha singanocho amachikoketsa madzi a mchere mpaka theka, ndipo m'sirinji mumakhala mpweya wokwana mamililita 15. Khungu likatsukidwa, singano imalowetsedwa mpaka kuboola fasiya, kampopi n'kutsegulidwa kuti sirinji, choyezera ndi singano zilumikizane. Woyeza amakankha sirinji pang'onopang'ono, diso lili pamalire a madzi ndi mpweya m'chubu. Pamene madziwo ayamba kusunthira kumwendo, mphamvu ya m'sirinji yangopitirira kumene ya m'chipinda, ndipo nambala imene mekyule yafika ndiyo pulesha yake. Zipatala zina zili ndi kachipangizo ka m'manja kosonyeza nambala, kapena zimalumikiza kachubu kosiyidwa m'mnofu ku makina a m'chipinda cha odwala mwakayakaya kuti pulesha izioneka nthawi zonse.

Nambala ingathe kunama m'njira zingapo. Singano ikatsekeka ndi kanyama, kapena sirinji ikakankhidwa mwaliwiro, nambala imakwera mopitirira. Malire a madzi m'chubu akakhala pamwamba kapena pansi pa nsonga ya singano, kulemera kwa madziwo kumalowa m'chiwerengero. Malo obaya nawonso ndi nkhani: pulesha imakwera kwambiri pafupi ndi pothyoka, motero singano iyenera kulowa pasanapitirire masentimita 5 kuchokera pamenepo. Kuti atsimikize kuti singano ili m'chipinda choyenera, woyeza amafinya mnofu kapena kugwedeza phazi, n'kuona ngati nambala ikuyankha. Zipinda zonse zinayi zimayezedwa.

Kale ankati pulesha ikafika 30, ena 40 kapena 45, mwendo ung'ambidwe. Koma chimene chimadyetsa mnofu ndi kusiyana kwa mphamvu yokankha magazi ndi mphamvu yowatsekereza. Munthu wa bipi yabwino angapirire pulesha ya 35, pomwe wotaya magazi ambiri angataye mnofu pa 25. N'chifukwa chake masiku ano amatenga nambala ya pansi ya bipi n'kuchotserapo pulesha ya m'chipinda. Chotsalacho chikatsika kufika pa 30 kapena kucheperapo, mnofu uli pangozi. McQueen ndi Charles Court-Brown anayesa lamuloli mu 1996 pa odwala 116 othyoka msongolo. Pafupifupi theka la iwo pulesha yawo inapitirirapo 30 nthawi ina, koma atatu okha ndiwo anafunika opaleshoni, ndipo mwa osachitidwawo palibe amene anapezeka ndi minofu yofota pambuyo pake.

Mwachitsanzo, mnyamata wa kabaza wa zaka 24 wagundidwa madzulo, msongolo wathyoka pakati, khungu silinaboke. Amuika chikhakha cha kumbuyo kokha n'kumugoneka m'wodi. Pofika 8 koloko usiku ululu ndi wopiririka, zala zikuyenda, bipi ndi 120/75. Chipinda cha kutsogolo chikusonyeza 28, ndiye kuti kusiyana ndi 47, ndipo palibe chochita koma kumuonanso ola lililonse. Cha m'ma 11 koloko wapempha kale jakisoni kawiri, kupinda chala chachikulu kukumukuwitsa, ndipo pakati pa zala ziwiri zoyamba akumva ngati nyerere. Mtsempha wa paphazi ukugundabe. Bipi yatsika kufika 105/60 chifukwa cha magazi otayikira m'kati, pulesha ya chipinda yafika 38. Kuchoka pa 28 kufika pa 38 kukuoneka ngati kukwera kochepa, koma kusiyana kwagwa kuchoka pa 47 kufika pa 22. Mnyamatayu ayenera kulowa m'fiyeta usiku womwewo, ndipo zizindikiro zake zinali zokwanira kale ngakhale popanda singano. Kuyeza kamodzi kokha kwa 8 koloko kukanangowagoneka tulo anthu.

Fasiyotome

Mankhwala ochotsa vutoli kulibe. Chithandizo chake ndi fasiyotome, kutanthauza kung'amba khungu ndi fasiya kuti minofu ipeze potupira. Malangizo a bungwe la madokotala a mafupa la ku Britain amati opaleshoniyi ichitike pasanathe ola limodzi chigamulo chitapangidwa. Ku Malawi, kumene odwala ambiri othyoka mafupa m'zipatala za m'maboma amaonedwa ndi makiliniko ofesala a mafupa, amene maphunziro awo anayamba mu 1985, nthawi imeneyi ikutanthauza kuti opaleshoniyi ndi yoyenera kudziwika paboma pomwepo, pakuti ulendo wa ambulansi wopita kuchipatala chachikulu ungathe kudya maola onse amene mnofu unatsala nawo.

Njira yofala ndi yocheka mbali ziwiri, imene Scott Mubarak ndi Charles Owen anailongosola mu 1977. Wodwala amagonekedwa tulo kapena kuchititsidwa dzanzi, ndipo lamba wotsekera magazi pantchafu safufumitsidwa, chifukwa mnofu wavutika kale ndi kusowa magazi, komanso dokotala akufuna kuona ngati ukutuluka magazi. Mwendo wotupa umabisa mafupa, choncho asanacheke amayamba wajambula pakhungu mzere wa msongolo, mutu wa fibyula ndi mfundo za kakolo.

Kucheka koyamba kumakhala kunja, pakati pa mzere wa msongolo ndi fibyula, kutalika masentimita 15 mpaka 20 mwa munthu wamkulu, ndipo nthawi zambiri kuposerapo. Khungu likakankhidwira uku ndi uku, fasiya amaonekera, ndipo ntchito yoyamba ndi kupeza khoma lolekanitsa chipinda cha kutsogolo ndi cha m'mbali. Dokotala amacheka fasiya pang'ono mopingasa kuti alione khomalo ndi maso. Akatero amatenga sizasi n'kung'amba fasiya wa chipinda cha kutsogolo m'litali mwake monse, kukwera cha kubondo ndi kutsika moloza chala chachikulu, kenaka n'kuchita chimodzimodzi kuseri kwa khomalo, moloza kumbuyo kwa mfundo ya kunja ya kakolo. Pamalo amenewa pali mnyewa wa chipinda cha m'mbali, umene umaboola fasiya pafupifupi masentimita 10 pamwamba pa mfundoyo. Ukadulidwa, pamwamba pa phazi pamachita dzanzi kapena pamatsala ululu wosatha, motero nsonga ya sizasi imalozetsedwa kutali nawo. Cholakwa chodziwika apa ndi kucheka khungu cha kumbuyo kwambiri, n'kutsegula chipinda cha m'mbali kawiri poganiza kuti china ndi cha kutsogolo. Pofuna kutsimikiza, chala cholowetsedwa m'chipinda cha kutsogolo chiyenera kukagunda fupa la msongolo.

Kucheka kwachiwiri kumakhala m'kati mwa mwendo, sentimita imodzi kapena awiri kumbuyo kwa m'mphepete mwa msongolo. Kukayandikira kwambiri kutsogolo, fupa limatsala pamtunda minofu ikatupa, ndipo khungu la pakati pa mabala awiriwo limachepa mpaka kufa. Pansi pa khungu pamadutsa mtsempha wautali wobweza magazi pamodzi ndi kamnyewa kake, ndipo ziwirizi zimasungidwa. Fasiya wa katumba amang'ambidwa kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, ndipo chipinda cha pamwamba chatseguka. Chakuya sichinatsegukebe. Mnofu wina wa katumba, wotchedwa soliyasi, umamera kumbuyo kwa msongolo n'kuphimba chipindacho, choncho uyenera kumatulidwa pafupapo kuti fasiya wa pansi pake aoneke ndi kung'ambidwa m'litali monse. Dokotala amadziwa kuti wafika akaona kumbuyo kwa fupa ndi minofu imene imasuntha zala zikapindidwa. Mtsempha waukulu ndi mnyewa wa kupansi kwa phazi zili pomwepo, motero sizasi imayenda mosamala.

Fasiyotome yoperewera ndi yoopsa kuposa mmene imaonekera, chifukwa aliyense amakhulupirira kuti vuto latha pamene chipinda china chikufabe. Zoperewera zake ndi ziwiri kawirikawiri: chipinda chosatsegulidwa, ndi bala lalifupi. Khungu la mwendo wotupa limathinanso palokha, choncho timabala tating'ono tochekedwa pofuna kuchepetsa chipsera sitimasula kanthu.

Zipinda zikatseguka, minofu imatumphukira kunja ndipo umodzi ndi umodzi umayesedwa. Wamoyo ndi wofiira, wolimba bwino, umanjenjemera ukatsinidwa ndipo umatuluka magazi ukachekedwa. Wakufa ndi wotuwa kapena wakuda, wonyenyeka, ndipo sugwedezeka. Wakufawo umachotsedwa, wokayikitsa umasiyidwa kuti udzaonedwenso. Fupa limagwiriziridwa ndi zitsulo za kunja kapena chitsulo cha m'kati. Mabala sasokedwa, amaphimbidwa ndi nsalu zonyowa kapena siponji yolumikizidwa ku makina okoka madzi, ndipo phazi limachirikizidwa kuti lisagwere pansi.

Pakapita maola 48 wodwala amabwerera ku fiyeta kuti mabala atsukidwe ndi kuchotsa mnofu wina umene waoneka kuti wafa. Kutupa kukaphwa, bala limatsekedwa pang'onopang'ono, nthawi zina ndi timalamba tolukidwa m'mphepete mwake n'kumakokedwa tsiku ndi tsiku. Bala la m'kati limatsekeka mosavuta. La kunja nthawi zambiri limafuna khungu losendedwa pantchafu. Zipsera zimakhala zazitali, ndipo fupa la mwendo wong'ambidwa limachedwa kulumikizana komanso limagwidwa matenda mosavuta kusiyana ndi la mwendo wosang'ambidwa. Ndiye chifukwa chake opaleshoniyi sachitira aliyense wotupa mwendo.

Kulumidwa ndi mphiri ndi chitsanzo chabwino cha pofunika kudziletsa. Mwendo umatupa kwambiri, umalimba ndipo umapweteka zedi, koma kutupa kwambiri kumakhala pansi pa khungu, kunja kwa fasiya, ndipo pulesha ya m'zipinda kawirikawiri siikhala yokwera. Ululu wa njoka ungathenso kulepheretsa magazi kuundana, moti kucheka kungachititse wodwala kutaya magazi osaleka. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse amati mankhwala opha ululu wa njoka ayambe, kuundana kwa magazi kukonzedwe, ndipo pulesha iyezedwe mpeni usanagwiridwe.

Mnofu ukafa, zotsatira zake sizithera m'mwendo. Umatulutsa mayogulobini, chinthu chofiira chimene chimatseka timachubu ta mu impso, komanso potaziyamu amene akachuluka m'magazi amasokoneza kugunda kwa mtima. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka ndi chenjezo lake, ndipo wodwala wotere amafunika madiripi ambiri, kuyeza mkodzo ola lililonse, ndipo nthawi zina makina osefa magazi. Kwa wofika mochedwa kwambiri, patapita tsiku lathunthu kapena kuposerapo phazi litafa kale ziwalo, chigamulo chimavuta. Kung'amba sikuutsa mnofu wakufa, koma kumautsegulira tizilombo, ndipo matenda olowa pamenepo angadulitse mwendo kapena kupha munthu. Pa odwala otere madokotala akuluakulu amakambirana kaye, ndipo nthawi zina amasankha kusang'amba, n'kumateteza impso.

Mnofu wakufa umene watsala m'mwendo umasanduka chipsera cholimba chimene chimafupika pakapita miyezi. Richard von Volkmann, dokotala wa ku Halle m'dziko la Germany, analongosola kufota kotereku mu 1881, ndipo anati gwero lake ndi kusowa kwa magazi m'minofu chifukwa cha mabandeji othina. Kumwendo, chipinda cha kutsogolo chikafa phazi limalendewera ndipo munthu amayenda mokweza bondo kuti zala zisakhule pansi. Chakuya cha kumbuyo chikafa zala zimapindika ngati zikhadabo, phazi limakhotera m'kati, ndipo kupansi kwake kopanda kumva kumachita zilonda. Nsapato zapadera, zochirikizira phazi ndi maopaleshoni osamutsa kapena kutalikitsa minofu yotsala zimathandiza munthu kuyenda, koma mphamvu ya mnofu umene unafa siibwerera.